Pulogalamu Ikuyenda, Koma Mungaifotokoze?

M'makalasi ambiri a zamakompyuta, ntchito ya mu labu siithera pa kupereka pulogalamu yoyenda bwino. Mphunzitsi amakoka mpando n'kukhala pambali pa wophunzira, amayang'ana pa sikirini kwa kanthawi, kenako amaloza mzere umodzi ndi cholembera. "Apa mwalemba kuti tiwonjezere 1. Nditachotsa 1 ameneyu, chingachitike n'chiyani?" Funso lake n'lalifupi choncho, koma ndi limene limasiyanitsa wophunzira amene wamvetsa ndi amene wangoloweza. Amene waloweza amayamba kuwerenga mzerewo mokweza ngati kuti mphunzitsi sakuuona. Amene wamvetsa amapempha pepala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amene amakakamira pa funso lotere si aulesi. Anapatsidwa chitsanzo chothetsedwa kale, anachiwerenga kangapo usiku, mzere uliwonse unkaoneka womveka, ndipo anagona mtima uli m'malo. Vuto ndi lakuti kuzindikira chinthu chimene chili pamaso panu n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu mwanu pepala litavundikiridwa. Maso akazolowera mizere, mutu umaganiza kuti waidziwa.

Kuphunzira kuchokera ku chitsanzo chothetsedwa kale si chinyengo ayi. Mu 1985, John Sweller ndi Graham Cooper, a ku Australia, anaonetsa kuti ophunzira ongoyamba kumene masamu a alijebura ankapindula kwambiri akamaphunzira zitsanzo zothetsedwa kusiyana ndi kungopatsidwa mafunso kuti alimbane nawo okha. Koma mu 1989, Michelene Chi ndi anzake, poyang'anitsitsa ophunzira a fizikisi, anapeza kuti si onse amene amapindula mofanana ndi chitsanzo chimodzi chomwecho. Amene ankakhoza bwino ndi amene ankaima pa sitepe iliyonse n'kumadzifotokozera okha chifukwa chimene sitepeyo yabwerera. Enawo ankangowerenga n'kumati zamveka. Ndiye nkhani si yakuti mukhale ndi chitsanzo kapena ayi, koma chimene mukuchita nacho chikakhala patsogolo panu.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi chimene pafupifupi wophunzira aliyense wa mapulogalamu amakumana nacho m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Pa pepala la labu chimalembedwa kuti `binary search`, ndipo ndi njira yofunira nambala m'mndandanda wosanjidwa kale kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Aliyense amene anafunapo nyimbo m'buku la nyimbo ku tchalitchi amaidziwa njirayi. Akalengeza nambala 250, simuyambira pa tsamba loyamba. Mumatsegula chapakati, mwapeza 180, ndiye mukudziwa kuti masamba onse akumanzere mulibe nawo ntchito. Mumatsegulanso pakati pa otsalawo, mpaka mwaipeza. M'chinenero cha Python, chitsanzocho chimaoneka chonchi:

```python
def funa(manambala, chofuna):
    pansi = 0
    pamwamba = len(manambala) - 1
    while pansi <= pamwamba:
        pakati = (pansi + pamwamba) // 2
        if manambala[pakati] == chofuna:
            return pakati
        if manambala[pakati] < chofuna:
            pansi = pakati + 1
        else:
            pamwamba = pakati - 1
    return -1
```

Mizere 12 yokha. Munthu atha kuiloweza asanamalize kumwa tiyi. Koma musaipeputse. Jon Bentley, m'buku lake la 1986, anasimba kuti ankapatsa akatswiri olemba mapulogalamu, anthu olembedwa kale ntchito m'makampani, maola angapo kuti alembe njira yomweyi, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse ankapezeka kuti alakwitsa penapake. Ganizo lake n'losavuta, koma zolakwika zimabisala m'timalo ting'onoting'ono, ndipo ndi timalo tomweto timene mphunzitsi adzaloze.

Pepala ndi cholembera, kompyuta ikhale kaye

Choyamba kuchita si kukopera mizereyi mu kompyuta. Tengani pepala, lembani mndandanda waufupi, ndipo pansi pa nambala iliyonse lembani malo ake. Kumbukirani kuti Python amayamba kuwerenga malo pa 0, osati pa 1. Tinene kuti manambala athu ndi 3, 8, 15, 21, 34, 42 ndi 57. Alipo 7, ndiye 3 ali pa malo 0 ndipo 57 ali pa malo 6. Tikufuna 34.

Tsopano inuyo khalani kompyuta. Jambulani mizati itatu, wa `pansi`, wa `pamwamba` ndi wa `pakati`, ndipo nthawi iliyonse imene mtengo wasintha, lembani pa mzere watsopano. Poyamba `pansi` ndi 0, `pamwamba` ndi 6, ndiye `pakati` ndi 3. Pa malo 3 pali 21, yemwe ndi wochepa poyerekeza ndi 34, choncho `pansi` akukwera kufika pa 4. Ulendo wachiwiri, 4 kuphatikiza 6 ndi 10, theka lake ndi 5. Pa malo 5 pali 42, wapitirira, ndiye `pamwamba` akutsika kufika pa 4. Ulendo wachitatu, `pansi` ndi 4, `pamwamba` ndi 4, `pakati` ndi 4, ndipo pa malo 4 pali 34. Tamupeza titangoyang'ana manambala atatu.

Musaimire pamenepo. Funaninso nambala imene mulibe, tinene 40. Maulendo awiri oyamba ayenda chimodzimodzi. Pa wachitatu mupeza 34, yemwe ndi wochepa, ndiye `pansi` akukwera kufika pa 5 pamene `pamwamba` akadali pa 4. Awiriwa adutsana. Mzere wa `while` ukafunsa ngati 5 ndi wochepa kapena wofanana ndi 4, yankho ndi ayi, ndipo pulogalamu ikutsikira pa mzere womaliza n'kubweza -1.

Ambiri amadumpha ntchito ya papepalayi poganiza kuti ndi yachibwana. Ine ndimaiona kuti ndiye mtima wa zonse, chifukwa mukaichita kawiri kapena katatu mumayamba kuona chinthu chimene sichinalembedwe pa mzere uliwonse, koma chimene mizere yonse ikuchisunga. Chinthucho ndi lonjezo ili: ngati nambala imene tikufuna ilimo m'mndandanda, ndiye kuti ili penapake kuyambira pa malo a `pansi` mpaka pa malo a `pamwamba`, malo awiriwo kuphatikizapo. Mizere iwiri yoyamba ikukhazikitsa lonjezolo pa mndandanda wonse. Mizere ya mkati ikuchepetsa malo ofunamo popanda kuliswa. Mzere womaliza ukunena kuti malo ofunamo atha, choncho nambalayo mulibe. Mukagwira chiganizo chimodzichi, simufunikanso kuloweza kuti kodi paja ndi `+ 1` kapena `- 1`. Mutha kuzipeza nokha nthawi iliyonse: malo a `pakati` tawayang'ana kale ndipo si amene tikufuna, ndiye alibe chifukwa chotsalira m'malo ofunamo.

Iwonongeni dala

Mukamaliza za papepala, yatsani kompyuta, lembani chitsanzocho ndi manja anu, onetsetsani kuti chikuyenda, kenako yambani kuchiwononga. Sinthani kanthu kamodzi kokha pa nthawi. Musanadine batani loyendetsera, lembani papepala chimene mukuganiza kuti chichitika. Kulosera kumeneku n'kofunika, chifukwa pamene kulosera kwanu kwasemphana ndi zimene kompyuta yachita ndi pamene pali dzenje m'kumvetsa kwanu.

Yambani ndi mzere wa `while`. Chotsani chizindikiro cha kufanana kuti patsale `pansi < pamwamba`. Mukafuna 21, apezeka. Mukafuna 8 kapena 42, apezekanso, ndipo mutha kuganiza kuti chizindikiro chija chinali chokongoletsa chabe. Koma funani 34. Kumbukirani kuti papepala paja tinamupeza pa ulendo wachitatu, pamene `pansi` ndi `pamwamba` onse anali pa 4. Tsopano pulogalamu ikufunsa ngati 4 ndi wochepa kuposa 4, ikupeza kuti ayi, ndipo ikutuluka isanayang'ane malo amodzi otsalawo. Ikubweza -1, kunena kuti 34 mulibe, pamene alimo. Zomwezo zichitikira 3, 15 ndi 57. Manambala anayi mwa asanu ndi awiri akusowa chifukwa cha kachizindikiro kamodzi, ndipo pa sikirini sipaoneka uthenga uliwonse wochenjeza.

Bwezerani chizindikirocho, kenako chotsani `+ 1` kuti mzerewo ukhale `pansi = pakati`. Apa mpamene pali msampha weniweni. Mukafuna 34, apezeka, ndipo apezeka msanga kuposa poyamba, pa ulendo wachiwiri. Koma funani 57. `pansi` akwera kufika pa 3, kenako pa 4, kenako pa 5. Tsopano 5 kuphatikiza 6 ndi 11, ndipo theka lake, kutaya kotsala, ndi 5. Pa malo 5 pali 42, wochepa, ndiye `pansi` akukhala 5, pomwe anali kale. Palibe chasintha. Pulogalamu ibwereza zomwezo mpaka kalekale. Pa sikirini sipatuluka kanthu, kachizindikiro kolembera kangophethira, mwina fani ya laputopu iyamba kulira, ndipo muyenera kuiimitsa podina `Ctrl+C`. Mukadzaona pulogalamu yangoti zii chonchi, osamaliza komanso osadandaula, chokayikira choyamba ndi chakuti pali kuzungulira kumene malo ofunamo asiya kuchepa.

Zowononga zina ziwiri n'zachifundo, chifukwa kompyuta imakuuzani yokha. Mukalemba `/` m'malo mwa `//`, Python akupatsani 3.0 m'malo mwa 3, ndipo popeza malo a m'mndandanda ayenera kukhala nambala yathunthu, muona `TypeError` nthawi yomweyo. Mukachotsa `- 1` pa mzere wa `len`, `pamwamba` ayambira pa 7, malo amene kulibe. Chodabwitsa n'chakuti manambala onse asanu ndi awiri apezekabe bwinobwino. Vuto lidzaonekera pokhapokha mutafuna nambala yoposa 57, monga 60, pamene `pakati` adzafike pa 7 n'kutulutsa `IndexError`.

Mwaona kuti zolakwika zitatu mwa zinayizi zimadutsa mosaoneka ngati mwayesa ndi nambala imodzi yokha. N'chifukwa chake mawu akuti "koma ikuyenda" samukhutiritsa mphunzitsi. Muziyesa nambala yoyamba, yomaliza, imene mulibe, yochepera onse, yoposa onse, komanso mndandanda wa nambala imodzi ndi wopanda kanthu. Pa wopanda kanthuwo `pamwamba` amakhala -1, `while` salowa n'komwe, ndipo yankho ndi -1, monga kuyenera.

Vundikirani, lembani, yerekezani

Tsopano tsekani chitsanzocho, chisaoneke paliponse, ndipo musayambe kulemba nthawi yomweyo. Pitani mukachite zina, kapena dikirani mpaka mawa. Mukalemba mutangotseka kumene, mukhala mukukopera chithunzi chimene chatsalira m'maso, ndipo chimenecho sichidzakhalaponso pa tsiku la mafunso.

Pobwerera, yambani ndi mawu wamba, m'Chichewa ngati ndi mmene mumaganizira. Lembani kuti: ndisunga malire awiri, malinga ngati pakati pawo patsala malo, ndiyang'ana apakati, ndikapeza ndibweza malowo, akachepa ndikweza malire apansi, akachuluka nditsitsa apamwamba, malo akatha ndinena kuti mulibe. Kenako sandutsani chiganizo chilichonse kukhala mzere wa pulogalamu. Mukakakamira, musathamangire kutsegula chitsanzo. Tengani manambala asanu ndi awiri aja n'kudzifunsa kuti, papepala paja, apa ndinachita chiyani? Nthawi zambiri yankho limatulukira pomwepo. Ngati zakanikadi, suzumirani mzere umodzi wokhawo, ikani chizindikiro pambali pake, ndipo mawa lake muyambirenso pa tsamba loyera.

Mukamaliza, ikani yanu ndi yoyambirira pafupi n'kuyerekeza mzere ndi mzere. Kusiyana kulikonse kufunika kuweruzidwa. Kwina kulibe vuto: mwina inu mwagwiritsa `elif` pamene chitsanzo chili ndi `if` wachiwiri, kapena mwayamba kufunsa ngati nambala yachuluka musanafunse ngati yachepa. Zoterezi ndi umboni wabwino kuti mwalembadi nokha. Kwina ndi kulakwitsa, ndipo manambala oyesera aja akuuzani. Chimene simuyenera kuchita ndi kusintha yanu kuti ifanane ndi chitsanzo musanadziwe chifukwa chake.

Apa ndinenepo mosabisa za chizolowezi chofala, chotenga chitsanzo n'kungosintha mayina, `low` kukhala `start`, `high` kukhala `end`, n'kupereka ngati ntchito yako. Kumeneko si kulembanso. Mphunzitsi amene waona mapulogalamu ambirimbiri a labu yomweyo amazindikira msanga, ndipo mafunso apakamwa anawaikira zimenezo. Komanso malamulo amasiyana pa kosi iliyonse. Kwina amalola kuphunzira pa chitsanzo cha chaka chatha kapena cha mnzako, kwina amaletsa. Ngati chitsanzocho sichinachokere kwa mphunzitsi, funsani kaye, ndipo akakufunsani kumene munaphunzirira, nenani zoona.

Pamaso pa mphunzitsi

Kufotokoza ndi luso lapadera, ndipo limafuna kuyeserera mokweza mawu. Pezani mnzanu, ngakhale amene sadziwa zamakompyuta, mumuuze kuti aloze mzere uliwonse umene wafuna n'kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" Mudzadabwa kuti mzere umene m'mutu unkaoneka womveka ukukanika kutuluka pakamwa.

Kulakwitsa kofala ndi kuwerenga m'malo mofotokoza. Mphunzitsi akaloza `pansi = pakati + 1`, wophunzira amati, "Apa `pansi` akukhala `pakati` kuphatikiza 1." Zoona, koma mphunzitsi amadziwa kuwerenga. Yankho limene akuyembekezera ndi lonena cholinga komanso chotsatira chake: "Aphunzitsi, nambala ya pakati yachepa, ndipo popeza mndandanda ndi wosanjidwa, onse akumanzere kwake achepanso. Ndiye ndikuwataya onse pamodzi ndi wapakatiyo. Nditasiya wapakatiyo, pofuna 57 pulogalamu ingakakamire pa malo 5 osatulukanso." Yankho lotere lili ndi chifukwa ndiponso nambala yeniyeni yotsimikizira, ndipo nambalayo mwaidziwa chifukwa munawononga pulogalamu ija dala.

Pali mafunso ena amene amabwera kawirikawiri. Lina ndi lakuti, mndandanda utakhala wosasanjidwa zingatani? Musangoti "siigwira ntchito." Onetsani. Ikani 34 kutsogolo, mndandanda ukhale 34, 3, 8, 15, 21, 42, 57. Pakati pali 15, wochepa, ndiye pulogalamu ikutaya mbali yonse ya kumanzere, kumene kuli 34 yemweyo, ndipo pomaliza ikubweza -1 popanda kudandaula. Lina ndi lakuti, n'chifukwa chiyani tikubweza -1 osati 0? Chifukwa 0 ndi malo enieni, a nambala yoyamba. Koma wophunzira watcheru angawonjezere kuti mu Python `manambala[-1]` amatanthauza nambala yomaliza, choncho munthu akagwiritsa yankholo asanaone ngati ndi -1, alandira 57 n'kumaganiza kuti wapeza chimene amafuna.

Funso la liwiro nalo silisowa. Manambala atakhala 1,000, tiyang'ana kangati? Musaloweze yankho, werengani pamaso pawo. Ulendo uliwonse malo ofunamo amatsala theka: 1,000, 500, 250, 125, 62, 31, 15, 7, 3, 1. Ndi maulendo 10 basi zikavuta kwambiri, pamene kufuna mmodzimmodzi kuyambira koyamba kungatenge maulendo 1,000. Manambala atakhala miliyoni imodzi, maulendo ndi 20.

Ngati labu yanu ndi ya Java kapena C, pali funso lina limene aphunzitsi ena amalikonda, ndipo lili ndi mbiri yake. Mu 2006, Joshua Bloch anaulula kuti njira yomweyi, imene iye mwini analemba m'laibulale ya Java, inakhala ndi cholakwika kwa zaka pafupifupi 9 osadziwika. Mu Java, nambala ya mtundu wa `int` siingapose 2,147,483,647. Mndandanda ukakhala ndi zinthu zoposa biliyoni imodzi, kuphatikiza malire awiri aja kutha kudutsa pamenepo, nambala n'kutembenuka kukhala yochepera 0. Mankhwala ake ndi kulemba `low + (high - low) / 2`, imene imapereka malo omwewo popanda kupanga nambala yaikuluyo. Mu Python vutoli kulibe chifukwa manambala athunthu alibe malire otere. Ngati chitsanzo chanu chili ndi mzere wooneka wachilendowu, chifukwa chake ndi chimenecho.

Nanga akafunsa chimene simunakonzekere? Musapeke yankho, ndipo musangoti duu. Nenani kuti, "Aphunzitsi, ndiloleni ndiitsatire papepala," jambulani mizati itatu ija, ndipo lankhulani pamene mukulemba. Chimene akufuna kuona ndi mmene mukuganizira, ndipo wophunzira amene walakwitsa n'kudzikonza yekha manambala atamutsutsa amasonyeza kumvetsa koposa amene wanena yankho lolondola koma osatha kulitsimikizira.

Kawirikawiri funso lomaliza limakhala lokupemphani kusintha pulogalamu pomwepo. Mwachitsanzo, mphunzitsi alemba 3, 8, 21, 21, 21, 42, 57 n'kufunsa kuti mukafuna 21 mulandira malo ati. Mukatsatira, `pakati` woyamba ndi 3, pali 21, ndiye yankho ndi 3. Koma 21 woyamba ali pa malo 2. "Ndikufuna woyambayo," atero mphunzitsi. Apa kuloweza kulibe thandizo, koma lonjezo lija likutsogolerani. Mukapeza 21 musatuluke. Sungani malowo pambali, tsitsani `pamwamba` kufika pa `pakati - 1`, ndipo pitirizani kufuna kumanzere. Pa malo 1 mupeza 8, wochepa, ndiye `pansi` akukwera kufika pa 2. Pa malo 2 mupeza 21 wina, musunga 2 m'malo mwa 3, ndipo `pamwamba` atsika kufika pa 1. Malire adutsana, mubweza 2. Chosungiracho muchiyambitse pa -1 pamwamba pa `while`, kuti nambala ikakhala mulibe yankho likhale lomwe lija.